Njoka ya kutulo: mdani, mzimu wa makolo kapena sing'anga?

Mu Lusaka muno, ukangoti "usiku ndalota njoka", yankho limabwera usanamalize n'komwe kufotokoza. Kaya ndi m'minibasi ya ku Chawama, kaya ndi pa mpopi ku Kanyama, wina akuuza kuti ameneyo ndi mdani, thamanga akakupempherere. Palibe amene amafunsa kuti njokayo inali yotani, imachita chiyani, kapena iwe unagona uli bwanji. Chodabwitsa n'chakuti anthu akale amene ankamasulira maloto ngati ntchito yawo, Agiriki, Aluya ngakhale makolo athu a Chichewa, sankayankha mwachangu chotere. Ankayamba ndi mafunso, ndipo njoka imodzimodziyo inkatha kukhala mdani kwa uyu, mwana wodzabadwa kwa uyo, mankhwala kwa winayo.

Munthu amene anaonetsa bwino zimenezi ndi Atemidoro wa ku Efeso, mzinda womwe uja timauwerenga m'Baibulo. Anakhala ndi moyo zaka za m'ma 100 Yesu atabadwa, ndipo analemba mabuku asanu omasulira maloto. Iye ankayenda m'misika ndi m'zikondwerero kufunsa anthu zimene analota ndi zimene zinadzawachitikira pambuyo pake. M'buku lachinayi, limene analembera mwana wake amene ankaphunzira ntchito yomweyo, anasimba za amayi asanu ndi awiri oyembekezera. Onsewo analota loto limodzi, kuti abereka chinjoka.

Mwana wa mayi woyamba anadzakhala katswiri wolankhula pagulu, ndipo Atemidoro anati n'chifukwa choti njoka ili ndi lilime la nthambi ziwiri, komanso mayiyo anali wolemera, wotha kulipirira mwana maphunziro. Wachiwiri anali mkazi wa wansembe, ndipo mwana wake anakhala wansembe wamkulu, poti njoka inali nyama yopatulika m'makachisi awo. Wachitatu anali mwana wa mlosi, mwana wakenso n'kukhala mlosi. Wachinayi anali wachimasomaso, ndiye mwana wake anadzakhala wolowa m'nyumba za eni, ngati mmene njoka imalowera m'ming'alu. Mwana wa wachisanu anakhala wachifwamba ndipo anamudula mutu, momwe anthu amaphera njoka poimenya kumutu. Wachisanu ndi chimodzi anali kapolo, mwana wake anakhala kapolo wothawathawa, poti njoka siyenda mowongoka. Womaliza analota ali kudwala, ndipo mwana wake anapuwala ziwalo, namakwawa.

Munthu wochenjera aona msanga kuti pamenepa pali kachinyengo. Atemidoro anafotokoza zonsezi ana aja atakula kale, ndipo njoka ili ndi makhalidwe ambiri moti chilichonse chimene chingachitike ungachipezere chofanana nacho. Komanso mwana wa wansembe kukhala wansembe sizifuna loto. Komabe phunziro limene ankapatsa mwana wake linali lomveka: usamasulire loto usanadziwe amene walota, ntchito yake, chuma chake, thanzi lake ndi mwambo wa kwawo. Anasiyanitsanso maloto mitundu iwiri. Ena amangobwereza zimene thupi ndi mtima zikumva, monga wanjala kulota akudya, ndipo amenewa iye ankati alibe uthenga. Ena okha ndiwo ankawayesa olosera za m'tsogolo. Tsono ntchito yoyamba inali kusankha, kumasulira kunali kwachiwiri.

Chisilamu chili ndi kasankhidwe kofananako. Malinga ndi mahadisi, amene ndi mawu a Mneneri Muhamadi osungidwa m'mabuku, maloto ali patatu: ochokera kwa Mulungu, ochokera kwa Satana ofuna kumvetsa munthu chisoni, ndi ongochokera m'maganizo a mwini wake. Mabuku omasulira maloto amene amadziwika ndi dzina la Ibini Sirini, wophunzira wa ku Basara amene anamwalira cha m'ma 728, amati njoka ndi mdani. Akatswiri ambiri amakayika ngati mabukuwo analembadi iye, koma ndiwo amawerengedwa mpaka lero. M'menemo kukula kwa njoka ndiko kukula kwa udani, kuipha ndi kupambana, kulumidwa ndi kupwetekedwa ndi mdaniyo, ndipo njoka ya m'nyumba ndi mdani wa pachibale. Apa n'pamene pafanana kwambiri ndi zimene timamva m'makomboni. Kusiyana kuli pa chochita. Langizo la m'mahadisi kwa wolota zoipa ndi lakuti apemphe chitetezo kwa Mulungu, alavule pang'ono katatu kumanzere, atembenuke agonere mbali ina, ndipo asauze munthu. Shehe wodziwa ntchito yake sangakuuze kuti pita ukayang'ane nkhope za abale ako.

Ambiri mu Lusaka akamati njoka ndi Satana amatsamira pa Baibulo, makamaka Genesis 3, pamene njoka inanyenga Hava, ndi Chivumbulutso 12, pamene chinjoka chikutchedwa njoka yakale ija. Mapemphero a usiku wonse amabwerezanso Luka 10:19, za mphamvu yoponda pa njoka ndi zinkhanira. Zonsezo zilimodi. Koma tawerengani maloto enieni a m'Baibulo. Yosefe analota mitolo ya tirigu, dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Farao analota ng'ombe ndi ngala. Nebukadinezara analota fano ndi mtengo, Yakobo analota makwerero. Palibe ndime imene imati wolota njoka ali ndi mdani. Loto loyandikira kwambiri lili m'zigawo zowonjezera za buku la Estere, zimene zimapezeka m'Baibulo la Akatolika. Kumeneko Moredekai analota zinjoka ziwiri zikukonzekera kumenyana, ndipo pomasulira yekha anati chimodzi ndi Hamani, chinacho ndi iye mwini. Ndiye kuti munthu wolungama wa m'nkhaniyo analinso chinjoka.

Ndipo Baibulo lomwelo lili ndi njoka yochiritsa. Pa Numeri 21, Aisiraeli atalumidwa ndi njoka m'chipululu, Mose anapanga njoka yamkuwa n'kuipachika pamtengo, ndipo wolumidwa akaiyang'ana ankakhala ndi moyo. Pa Yohane 3:14 Yesu anadziyerekeza ndi njoka yokwezedwayo, ndipo pa Mateyu 10:16 anauza ophunzira ake kuti akhale ochenjera monga njoka. Nkhani ya njoka yamkuwa ili ndi mchira umene alaliki ambiri amaudumpha. Pa 2 Mafumu 18:4, mfumu Hezekiya anaiphwanya chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira zonunkhira. Chinthu chimodzi chinali mankhwala m'nthawi ya Mose, n'kusanduka fano m'nthawi ya Hezekiya.

Kwathu kwa Achewa, njoka yolemekezeka ndi nsato, ndipo ntchito yake ndi mvula. Pa kachisi wa ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama ku Malawi, Makewana, mayi woyang'anira nsembe za mvula, ankatengedwa ngati mkazi wa Mulungu, ndipo mzimu umene unkamuyendera unkabwera ngati njoka yotchedwa Thunga. Ku Khulubvi m'boma la Nsanje, Amang'anja amati Mbona, mzimu wawo wa mvula, amayendera mkazi wake Salima ali ngati nsato. Angoni, amene ambiri a ife a ku Chipata tili ndi magazi awo, anachokera kum'mwera kumene Azulu amakhulupirira kuti kholo lomwalira limatha kubwera pakhomo ngati njoka yosaluma. Njoka yotere saipha. Akuluakulu amaiyang'ana khalidwe: ikalowa modekha, osathawa anthu, osafufuma, amati ndi mlendo wa pakhomo. Loto lake ankalimasulira chimodzimodzi. Njoka yofatsa kutulo inkawafunsitsa ngati pali manda amene aiwalidwa, mowa wa chikumbutso umene sunafulidwe, kapena mwana amene akulira usiku chifukwa akufuna dzina la agogo ake.

Sikuti makolo ankaona njoka iliyonse ngati dalitso ayi. Analinso ndi Napolo, chinjoka chimene amati chikamasamuka m'phiri kupita kunyanja chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, monga anthu ananenera za ngozi ya ku Phalombe mu 1991. Atonga a m'chigwa cha Zambezi ali ndi Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo wooneka ngati chinjoka, amene ambiri anamutchula pamene madzi osefukira a mu 1957 ndi 1958 anasokoneza ntchito yomanga damu la Kariba. Ndipo pali njoka ya ufiti, imene kuno ku Zambia imadziwika kwambiri ndi dzina la ilomba, lochokera kumpoto chakumadzulo ndi ku migodi. Amati ili ndi nkhope ya mwini wake, imayamba ndi kudya mazira, ikakula imafuna miyoyo ya anthu, ndipo ukaipha mwini wakenso amafa. Ine ndimaona kuti njoka ya m'maloto a mu Lusaka lero ndi ilomba yosakanizidwa ndi njoka ya m'munda wa Edene. M'tauni mulibe kachisi wa mvula, madzi timagula pa mpopi, ndipo agogo amene akanafunsa za manda ali ku Katete. Chotsala ndi mpikisano wa pamsika, lendi, ndi mphekesera za anthu olemera ndi njoka yolavula ndalama. Nsato ya makolo inatsala kumudzi, ilomba ndiyo inakwera basi kubwera kuno.

Pa nkhani ya machiritso, palibe malo amene anasiya umboni womveka kuposa Epidauro ku Girisi, kachisi wa Asikilepiyo, mulungu wawo wa zamankhwala. Wodwala akafika ankasamba, n'kupereka nsembe, kenako usiku n'kukagona m'chinyumba chachitali chopatulika kuyembekezera loto. M'kachisimo munkakhala njoka zopanda ululu zimene zinkangoyendayenda. Ansembe analemba machiritso pafupifupi 70 pa miyala ikuluikulu zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe, ndipo miyalayo inafukulidwa, ilipo mpaka pano.

Nkhani imodzi pamiyalapo ndi ya bambo amene anali ndi chilonda choopsa pa chala cha kuphazi. Masana otumikira anamunyamula n'kumukhazika pampando panja, tulo n'kumugwira. Ali m'tulo, njoka inatuluka m'chinyumba chija, inanyambita chilondacho n'kubwerera. Atadzuka ali wochira, iye anati walota mnyamata wokongola akumupaka mankhwala pachala. Taonani mmene zatembenukira: anthu oona anaona njoka, wolotayo anaona sing'anga. Inde, miyalayi inali yokopa odwala, ndipo amene anabwerera osachira sanalembedwepo. Koma ikutiuza kuti kwa Mgiriki wodwala, kulota njoka ikukhudza pamalo owawa inali nkhani yabwino koposa. Ndodo ya Asikilepiyo yokulungidwa ndi njoka imodzi ndi yomwe ili pa chizindikiro cha bungwe la zaumoyo la dziko lonse, ndipo mumaiona pa maambulansi ambiri.

Za njoka yobweretsa nzeru kutulo ndingodutsapo. Katswiri wa sayansi wa ku Jeremani, Kekule, anasimba mu 1890 kuti akuodzera pafupi ndi moto anaona njoka italuma mchira wake, ndipo zinamuthandiza kuzindikira kuti tizigawo ta mafuta otchedwa benzini timalumikizana mozungulira ngati mphete, mfundo imene anaifalitsa mu 1865. Olemba mbiri ena amaikayikira nkhaniyi chifukwa anaisimba patapita zaka 25. Ngakhale itakhala yoona, munthuyu anali atatha zaka akulimbana ndi funsolo, ndiye tulo tinangokonza zimene zinali kale m'mutu.

Funso limene omasulira a masiku ano amaliiwala ndi la thupi. Maloto omveka bwino kwambiri amabwera m'gawo la tulo limene maso amayendayenda mofulumira pansi pa zikope. Gawoli limabwerera pafupifupi mphindi 90 zilizonse ndipo limatalika kukamayandikira kucha, n'chifukwa chake maloto oopsa ambiri amakhala a m'bandakucha. M'gawo limeneli mbali ya ubongo yoona za mantha imakhala yogalamuka kwambiri, pamene minofu ya thupi imakhala yomangika kuti munthu asachite zimene akulota. Wodzuka kumangikako kusanathe amamva ngati chinthu chamupana pachifuwa, sangathe kukuwa kapena kusuntha, ndipo ena amaona chinthu chikukwawa pabedi. Zimatha zokha m'kamphindi. Nanga n'chifukwa chiyani njoka, osati mbuzi? Ofufuza ena amati maso ndi ubongo wa munthu zinazolowera kuzindikira njoka msanga chifukwa makolo athu akhala nazo kuyambira kalekale, ndipo mpaka lero zimapha anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 chaka chilichonse padziko lonse. Mtima ukadzaza nkhawa, chithunzi cha ngozi chimene ubongo uli nacho pafupi ndi chimenechi.

Palinso zinthu zodziwika zimene zimakoleza maloto. Kutentha thupi kwa malungo ndi chimodzi. Mowa, makamaka munthu wozolowera kumwa kwambiri akasiya mwadzidzidzi, umabweretsa maloto oopsa, ndipo ena amaona njoka ndi tizilombo ali maso, akunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Zikafika pamenepo ndi zofunika chipatala tsiku lomwelo chifukwa zimapha. Mankhwala otalikitsa moyo okhala ndi efavirenzi amadziwika bwino ndi maloto achilendo m'masabata oyamba, ndipo mefulokwini wopewera malungo amateronso. Amene akukayikira mankhwala ake asawasiye yekha, akafotokoze ku kiliniki.

Tiyerekeze tsono nkhani imodzi. Mayi wogulitsa salaula ku msika wa Soweto, wokhala ku Mtendere, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndi mwezi wa Novembala, mvula yoyamba yagwa. Walota njoka yaikulu yamawangamawanga italowa pakhomo, n'kudzipinda pansi pa bedi, osaluma aliyense. Sabata yapitayo apongozi ake aakazi afika kuchokera ku Katete kudzadikira mwana. Mnzake wa pa tebulo loyandikana wamuuza kale kuti, "Amake mwana, apa palibe chobisika, njokayo yabwera ndi mlendo wanuyo."

Funso loyamba, limene Atemidoro ndi mashehe angagwirizanepo, ndi lakuti kodi lotoli lili ndi uthenga n'komwe. Mayi wa pakati pa miyezi imeneyi amadzuka pafupipafupi usiku, ndipo wodzuka pafupipafupi amakumbukira maloto ambiri. Novembala ndi nyengo imene njoka zimaoneka kwambiri, ndipo ngati mphiri inaphedwa kuseri kwa chimbudzi masiku apitawa, kapena kanema wa nsato anazungulira pa foni, chiyambi cha loto chapezeka. Chofunika pamenepo ndi kutchetcha udzu, kuchotsa milu ya njerwa ndi kuthana ndi makoswe amene amakoka njoka.

Funso lachiwiri ndi la zimene njokayo inachita. Sinalume, sinathamangitse munthu, inangogona. Kwa agogo a ku Katete imeneyi ndi nsato ya pakhomo, ndipo angaganize za kholo limene likufuna kuti mwana wobwerayo atenge dzina lake. Ndakatulo ina yakalekale ya ku China imati kulota zimbalangondo ndi chizindikiro cha ana aamuna, kulota njoka ndi cha ana aakazi, ndiye kumeneko akanayamba kukonza dzina la mtsikana. Mabuku a dzina la Ibini Sirini okha ndi amene angatchule mdani wa m'nyumba, komabe langizo la mahadisi likanamuuza kuti apemphere, asalengeze. Mayiyu ngati ndi Mkhristu, angathe kupemphera ndi abusa ake kuti mtima ukhale pansi, ndipo palibe cholakwika. Koma abusa akatchula dzina la munthu, awafunse ndime imene atengapo dzinalo.

Funso lachitatu ndi la mmene anamvera ali m'lotomo. Ambiri amati mantha anabwera atadzuka, kapena atauza munthu wina. Ngati m'lotomo munalibe mantha, ndiye kuti mantha abwera ndi womasulira. Ngati analimo, ndi bwino kufunsa chimene chikumuopsa masana: kubereka, ndalama za kuchipatala, katundu amene sakuyenda, kapenanso kukhala m'zipinda ziwiri ndi apongozi amene sanawazolowere. Zoterezi zimatha kukambidwa ndi bambo a m'nyumba kapena ankhoswe. Kuloza apongozi ufiti sikubwezeka, ndipo lamulo la Zambia lokhudza ufiti limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Nkhani ikanasintha lotolo likanakhala lobwerabwera. Loto la njoka limene limadza kangapo pa sabata, kumudzutsa munthu mtima ukugunda mpaka kumaopa kugona, ndi vuto palokha posatengera tanthauzo lake, ndipo kawirikawiri limatsatira chinthu choopsa chimene munthu anakumana nacho, monga kumenyedwa, ngozi, kapena kupita padera. Pali njira imene alangizi a zamaganizo amaphunzitsa ndipo imathandiza ambiri. Masana, munthu amalemba lotolo, n'kusintha mbali imodzi mmene iye akufunira, mwachitsanzo kuti atsegula chitseko njoka n'kutuluka yokha. Kenako amakhala phee mphindi 10 mpaka 20 tsiku lililonse, akuliona m'maganizo loto latsopanolo, kwa masabata angapo. Ngati palibe kusintha, kapena ngati munthuyo wayamba kuona njoka ali maso, kumva mawu, kapena kusiya kudya, apite ku kiliniki ya m'dera lake, kumene angamutumize kwa madokotala a zamaganizo monga a ku Chainama.